NGONGOLE YA KARIMA: NDANI ANAKUKONGOZANI, NDIPO MUNASAINA PATI?

Lero positi ndi yaitali, khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto. Ngati munabadwa pa 13, pa 14, pa 16 kapena pa 19 mwezi uliwonse, mwina wina anakutumizirani kale kavidiyo konena kuti munabwera padziko pano ndi ngongole. Ndikufuna tiyendere limodzi masamu awo, ndi cholembera m'manja, kuti mudzionere nokha pomwe nkhaniyi ikutsimphina.

Choyamba timve zomwe eni ake amanena, chifukwa si bwino kutsutsa chinthu chomwe sunachimve. Chiphunzitsochi chimatchedwa nyumeroloje, kutanthauza kuwerenga moyo wa munthu kuchokera pa manambala a tsiku lobadwa ndi a dzina lake. Mkati mwake muli mawu akuti karima, ochokera ku zipembedzo za ku India monga Chihindu ndi Chibuda, zomwe zimaphunzitsa kuti munthu amabadwa kambirimbiri ndipo zomwe anachita m'moyo wakale zimamutsatira. Ndiye a nyumeroloje amati manambala anayi amaulula ngongole yochokera kumeneko. Akuti 13 ndi ya munthu amene anali waulesi, n'kumadyera thukuta la ena, choncho pano adzakhetsa thukuta lowirikiza. Akuti 14 ndi ya amene anaseweretsa ufulu wake, choncho adzalimbana ndi mowa, chiwerewere ndi kusakhazikika. Akuti 16 ndi ya wodzikuza amene anapweteka ena pa chikondi, choncho zomwe wamanga zidzagwa kuti adzichepetse. Ndipo 19 akuti ndi ya amene anapondereza anzake ali pa udindo, choncho adzavutika yekha wopanda womugwira dzanja.

Amakonda kunena kuti nzeruzi ndi za Pythagoras, katswiri wa masamu wa ku Girisi amene anakhalako zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe. Koma Pythagoras sanasiye buku lililonse lolemba yekha. Kawerengedwe kamene kafala pa foni masiku ano kanakula ku America m'zaka za m'ma 1900, kudzera m'mabuku a amayi monga L. Dow Balliett ndi Juno Jordan. Ndiye wina akamati izi ndi chinsinsi cha makolo akalekale, dziwani kuti chovalacho n'chosokedwa dzulodzuloli.

Tsopano tengani pepala. Tiyerekeze munthu wobadwa pa 25 Juni 1992. Nambala yaikulu yomwe amafuna amaitcha njira ya moyo. Njira yoyamba yowerengera ndi kuchepetsa tsiku, mwezi ndi chaka, chilichonse pachokha. Tsiku ndi 25, ndiye 2 kuphatikiza 5 ndi 7. Mwezi wa Juni ndi 6. Chaka cha 1992, mukaphatikiza 1, 9, 9 ndi 2 mupeza 21, ndipo 2 kuphatikiza 1 ndi 3. Phatikizani 7, 6 ndi 3, mupeza 16. Kenako 1 ndi 6 akupereka 7. Apa owerengayo apukusa mutu n'kunena kuti, pepani mlongo, 7 wanuyu wadutsira pa 16, muli ndi ngongole ya kudzikuza, banja lanu kapena bizinesi yanu idzagwa.

Musalire kaye. Alipo a nyumeroloje ena amene amangophatikiza manambala onse pamzere umodzi. Tiyeni tichite: 2, 5, 6, 1, 9, 9, 2. Zonse pamodzi ndi 34, ndipo 3 kuphatikiza 4 ndi 7. Nambala yomaliza ndi yomweyo, koma 16 uja sanaoneke paliponse. Ngongole yasowa! Palinso ena amene amaphatikiza 25, 6 ndi 1992 momwe alili, n'kupeza 2023, ndipo 2, 0, 2, 3 akupereka 7 mwachindunji. Munthu mmodzi, tsiku limodzi, owerenga atatu. Woyamba akuti ali ndi ngongole, awiri akuti alibe.

Kuti onse afika pa 7 si chozizwitsa ayi, ndi khalidwe la masamu. Mukagawa nambala ndi 9, chotsala chake sichisintha ngakhale muphatikize zidutswa zake mwanjira iliyonse. Gawani 16 ndi 9, patsala 7. Gawani 34 ndi 9, patsala 7. Koma nambala yapakati, yomwe ngongole yonse yatsamirapo, imasintha malinga ndi momwe wowerenga wasankhira kuphatikiza. Otsutsa amaima pomwepa, ndipo ine ndaima nawo. Kodi kubanki angakuuzeni kuti ngongole yanu ilipo mukalowera khomo lakumanja, koma mukalowera lakumanzere palibe?

Okhulupirira ali nalo yankho. Amati njira yoyamba ndiyo yolondola chifukwa mwezi, tsiku ndi chaka zimaimira zigawo zitatu za moyo wa munthu, ndiye siziyenera kusakanizidwa. Chabwino, tamva. Koma anayesa bwanji kuti adziwe kuti ndiyo yolondola? Chofunika n'kutenga anthu ambirimbiri a 16, kuwayerekeza ndi ena opanda 16, n'kuona ngati mabanja awo amathadi kuposa a anzawo. Umboni wotere sautulutsa. Amangoti aphunzitsi athu anatero.

Funso lachiwiri ndi la kalendala. Masiku omwe timawerengawa anakonza ndi anthu. Mu 1582, Papa Gregory wa 13 atakonza kalendala, anthu m'mayiko omwe anavomera anagona pa 4 Okotobala n'kudzuka pa 15 Okotobala. Ku Ethiopia mpaka lero ali ndi kalendala yawo ya miyezi 13, yomwe ili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8. Tsiku lathu lija la 25 Juni 1992, kumeneko linali 18 mwezi wawo wa 10, chaka cha 1984. Werengani ndi njira yoyamba ija: 18 akupereka 9, 10 akupereka 1, 1984 akupereka 22 amene akupereka 4. Zonse pamodzi 14. Mwaona? Mwana wobadwa tsiku limenelo ku Zomba ndi wodzikuza wa 16, wobadwa ola lomwelo ku Addis Ababa, makolo ake n'kulemba tsiku mwa kwawo, ndi chidakwa cha 14. Dzuwa lomwelo, mlengalenga womwewo, mlandu wasintha chifukwa cha pepala lopachika pakhoma. Nanga agogo athu amene sakudziwa tsiku lawo lobadwa, amene anangowalembera pongoyerekeza pokajambulitsa chiphaso cha unzika, ngongole yawo ikhala ya tsiku liti?

Ndikudziwa kuti wina akuti, koma abusa, ine nditawerenga za 13 zinali ngati akunena ine ndendende. Sindikukutsutsani, ndi momwe munamveradi. Koma imvani izi. Mu 1948 mphunzitsi wa za maganizo a anthu ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake 39 mafunso, kenako anapatsa aliyense pepala lomwe anati likufotokoza khalidwe lake. Anawapempha kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 molingana ndi momwe pepalalo lawalondolera. Pakatikati pa malikisi awo panafika pafupifupi 4.3. Kenako anawaululira kuti onse analandira pepala lofanana, mawu ake atatola m'kabuku ka okhulupirira nyenyezi. Mawu otakata amakwana aliyense ngati chitenje. Tandiuzani, ndani kuno kwathu amene sagwira ntchito yowawa n'kupeza zochepa? Ndani sanayesedwepo ndi chilakolako? Ndani sanagwepo pa china chake, kapena kumva kuti ali yekha? Muwerengereni munthu wa 13 tanthauzo la 19 osamuuza, mudzaona akugwedeza mutu kuvomera.

Ndiponso ukonde wawo ndi waukulu. Masiku anayi aja pa mwezi uliwonse ndi masiku 48 pa chaka, kutanthauza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 8 aliwonse wakodwa kale ndi tsiku lobadwa lokha. Ukapulumuka apo amayang'ana njira ya moyo. Ukapulumukanso amasandutsa zilembo za dzina lako manambala, A kukhala 1, B kukhala 2 mpaka I kukhala 9, J n'kuyambiranso pa 1. Amawerenga dzina lonse, kenako mavawelo okha, kenako makonsonanti okha. Woponya mbedza zisanu m'dziwe laling'ono sabwerera chimanjamanja. Ngakhale kalembedwe kokha kamasintha chiweruzo. Dzina loti Ida limapereka 14, koma kalaliki wakuchipatala akalemba Aida limapereka 15.

Ena mwa iwo amalankhula mofatsa, amati si temberero, ndi phunziro chabe lokuthandiza kudzifufuza. Ndikuvomereza kuti kulimbikira ntchito, kudziletsa ndi kudzichepetsa ndi zinthu zabwino. Koma zimenezi n'zofunika kwa wobadwa pa 12 ndi pa 20 yemwe. Ndipo phunziro lomwe limayamba ndi kukuuza kuti unalakwa m'moyo womwe sukuukumbukira, wopanda mboni, wopanda mwayi wodziteteza, limavulaza. Mayi amene akumenyedwa m'banja akauzidwa kuti akubweza ngongole ya 16, adzakhala chete m'malo mokanena kwa ankhoswe kapena kupolisi. Mnyamata amene wagwidwa ndi mowa akauzidwa kuti ndi 14 wake, adzati nanga ndilimbanirenji. Ndipo kawirikawiri kuwerenga koyamba kumakhala kwaulere, koma kuti akuuze momwe ungabwezere ngongoleyo, pamafunika ndalama. Ngongole yongopeka, malipiro enieni.

Kwa ife okhulupirira, Mawu anayankha kale. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa Yesu za munthu wobadwa wosaona, ngati wolakwa anali iyeyo kapena makolo ake, ndipo Ambuye anakana zonse ziwiri. Ahebri 9:27 amatiphunzitsa kuti munthu amafa kamodzi kokha, kenako chiweruzo, ndiye moyo wakale wokakongolako kulibe. Ena amathamangira ku Agalatiya 6:7 kuti nayonso Baibulo imakamba za kufesa ndi kukolola. Zoona, koma kumeneko ndi kufesa kwa moyo uno, komwe ukukudziwa, komwe ungalape n'kukonza. Ndipo ngongole yeniyeni yomwe tinali nayo, ya uchimo, Akolose 2:14 akutiuza kuti kalata yake inakhomeredwa pamtanda. Aleluya!

Mawu omwewa apitenso kwa ife atumiki. Munthu wa Mulungu akakufunsani tsiku lobadwa, n'kuyamba kuphatikiza manambala, n'kunena kuti muli ndi ngongole yauzimu yofunika mbewu ya ndalama zakutizakuti, imeneyo ndi nyumeroloje yomweyo yavala suti. Mufunseni modzichepetsa kuti akuonetseni vesi yake.

Ndiye chitani ichi lero. Lembani tsiku lanu lobadwa, muliwerenge m'njira zitatu zija, muone ngati zikugwirizana pa nambala yapakati. Mukatero mulembe mu ndemanga zomwe mwapeza, koma tsiku lenilenilo musaliike poyera, pali akuba pa intaneti. Amene mwakhala ndi mantha chifukwa cha 13, 14, 16 kapena 19, ndikupempherera mtendere pa mtima wanu m'dzina la Yesu. Tumizani positiyi kwa amene anakutumizirani kavidiyo kaja. Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.