Chinyanja sichinalakwe: kalata ya mphwanga inafera pa kumasulira

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, lero ndikufuna tikanganepo pang'ono. Pa msonkhano wa makolo sabata yatha, bambo wina anaimirira n'kunena kuti akufuna kuchotsa mwana wake m'kalasi ya zilankhulo ziwiri. Chifukwa chake anati: "Chinyanja chimaononga Chipwitikizi, ndipo Chingerezi ndiye chimachiphera patali. Ntchito za masiku ano amafunsira m'Chingerezi." Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza. Ine ndikukana, ndipo umboni wanga ndi kalata imene ndili nayo m'foni muno.

Kuti Chingerezi chikufunika, apo bamboyo sananame. Dziko lathu linalowa mu Commonwealth mu 1995, Malawi ndi Zambia tili nawo pakhomo, ndipo makampani a malasha ku Moatize, ogula fodya ndi mabungwe a ulimi nthawi zina amalengeza ntchito m'Chingerezi. Mwana wa ku Furancungo tsiku lina adzalembera munthu wolemba anthu ntchito amene sanamuonepo. Pamene tikusiyana ndi pa funso lakuti chimagwetsa kalata yoteroyo n'chiyani.

Mphwanga anamaliza kalasi 12 mu 2019, kenaka anagwira ntchito nyengo zitatu za ulimi akuyendera alimi kuno ku Macanga, kulemba mbewu, feteleza ndi zokolola zawo. Ataona kuti bungwe lina likufuna wothandizira alangizi, anakhala usiku wonse akulemba. Kalata inadzaza tsamba. Anatumiza, anadikira mwezi, kunali zii. Ndipamene anabwera kwa ine n'kunena kuti, "Achimwene, taonani, mwina ndinachepetsa ulemu."

Ulemu sunachepe, unachita kusefukira. Ndinapeza malo anayi amene Chingerezi chake chinkanena zosiyana ndi zimene iye ankafuna kunena.

Poyamba analemba kuti "I pretend to work in your organisation". M'mutu mwake munali "pretendo", kutanthauza kuti ndikufuna. Koma m'Chingerezi "pretend" ndi kunamizira. Wowerenga anamva kuti mnyamatayu akunamizira kugwira ntchito m'bungwe lawo. Kachiwiri anadzitcha "a man of compromise", poganiza za "compromisso", munthu wosunga lonjezo ndi wodzipereka. M'Chingerezi "compromise" ndi kugonjerana, aliyense kusiyako zina kuti mugwirizane, ndipo nthawi zina limanena za munthu amene wafewetsa mfundo zake. Kachitatu anatseka ndi "I ask deferment", kuchokera ku "pede deferimento" amene tonse timalemba kumapeto kwa rekerimentu. Kwa ife mawuwa ndi kupempha kuti avomere. M'Chingerezi "deferment" ndi kuimitsa chinthu kuti chidzachitike m'tsogolo. Mphwanga anapempha yekha kuti pempho lake aliike kaye pambali. Chachinayi chinali "I hold your leg, my boss". Apa ndiye Chinyanja chathu: ndagwira mwendo wanu. Ife timamva munthu wodzichepetsa. Wowerenga Chingerezi amangoona dzanja lili pa mwendo wake, n'kudabwa.

Tsono werengani nane. Pa zolakwa zinayi, zitatu zachokera ku Chipwitikizi, chilankhulo chimene bambo uja akufuna kuti mwana wake aphunzire chokhachokha. Chimodzi chokha ndiye chachokera ku Chinyanja. Kodi tithamangitsenso Chipwitikizi m'sukulu? Ayi. Palibe chilankhulo chimene chinalakwa. Cholakwa ndi chizolowezi chonyamula mawu limodzi limodzi kuchoka m'chilankhulo china kukawatula m'chinzake, osafunsa ngati afika ndi tanthauzo lawo. Mphwanga sanaphunzirepo m'kalasi ya zilankhulo ziwiri. Anayamba ndi Chipwitikizi tsiku loyamba, akuloweza zimene sankazimva, ndipo anakula akukhulupirira kuti kulemba bwino ndi kusanja mawu aakulu. Sindinganene kuti kalatayo ndiyo yokha inamumanitsa ntchito, pakuti ofunsira amakhala ambiri. Koma munthu amene ali ndi mulu wa makalata patebulo safuna kumasulira miyambi.

Bungwe lina litalengeza ntchito yofanana nayo ku Tsangano, kwa alimi a mbatata ya kachewere, tinayamba mwina. Ndinamulanda cholembera n'kumuuza kuti ayankhe pakamwa, m'Chinyanja, mafunso anayi, ngati akuuza amalume amene akufulumira kukakwera galimoto. Ukufuna ntchito iti? Wachitapo chiyani chofanana nayo? Watumiza chiyani? Ungabwere liti?

Pa funso lachiwiri anayamba ndi kuti, "Ndine munthu wolimbikira, wa mtima wa ntchito." Ndinamudula. Aliyense wofunsira ntchito amatero, ndipo wolemba ntchito alibe njira yodziwira ngati n'zoona. Ndinamufunsa kuti alimi anali angati. Anati 60. Kwa nthawi yaitali bwanji? Nyengo zitatu. Unkachita nawo chiyani? Kulemba mbewu, feteleza ndi zokolola. Unkayenda pa chiyani? Pa njinga yamoto, ndipo chiphaso ndili nacho. Zonsezi m'kalata yoyamba munalibe, chifukwa malo anathera pa kupembedza. Zinatuluka pamene analankhula m'chilankhulo chimene amaganizira, mopanda mantha a galamala.

Titatero tinasandutsa yankho lililonse kukhala chiganizo chimodzi cha Chingerezi. Lamulo linali lophweka: chiganizo chiyambe ndi wochita, kenaka chochita, kenaka chinthucho, ndipo chinene mfundo imodzi basi. Ntchito imene inatha ilembedwe m'nthawi yakale. Mawu akhale amene mphwanga angawanene yekha pakamwa osayang'ana papepala. Zinatuluka motere:

Subject: Application for Field Assistant, Tsangano

Dear Sir or Madam,

I am applying for the Field Assistant post in Tsangano. I completed Grade 12 in 2019. I worked with 60 farmers in Macanga for three seasons. I recorded their seed, fertiliser and harvest. I speak Cinyanja and Portuguese well, and I read and write basic English. I have a motorcycle licence. My CV is attached. I can come for an interview on any weekday. Thank you for your time.

Yours faithfully,

Pansi pake dzina ndi nambala ya foni. Ziganizo 9, palibe mwambi, palibe liwu loti mwana wa sekondale angalephere kulimva. Onaninso kuti Chinyanja chija akuti n'chosathandiza chalowa m'kalata ngati luso, pakuti mlimi wa ku Tsangano sumulangiza m'Chingerezi.

Mphwanga atawerenga anakwinya nkhope. "Achimwene, izi si zamwano? Ngati ndikulamula munthu wamkulu." Ndikudziwa kuti ambiri a inu mukuganiza chimodzimodzi, ndipo nkhawa imeneyi si yopusa. Kwathu munthu safika pa nkhani asanalonjere, asanafunse za kunyumba. Rekerimentu ya Chipwitikizi nayo inatiphunzitsa kuyamba ndi "Excelentíssimo Senhor" ndi "venho por este meio". Koma chilankhulo chilichonse chili ndi pamene chimasunga ulemu wake. Chinyanja chimausunga mu "inu" ndi mu "a" wa kutsogolo kwa dzina. Chingerezi cha kalata ya ntchito chilibe "inu" wosiyana ndi "iwe", choncho chimausunga m'malonje olondola, mu "please" ndi "thank you", m'kulemba dzina la ntchito monga momwe analengezera, ndi m'kusamutayitsa nthawi wowerenga. Ukamuwonjezera ndime ziwiri zomutamanda, iye saona ulemu, amaona munthu amene alibe chonena. Ukamuuza za umphawi wa kwanu ndi ana amasiye amene ukulera, ngakhale zili zoona, wamupatsa chifukwa chokumvera chisoni, osati chokulembera ntchito.

Ena amati, bwanji osangopempha wodziwa Chingerezi kuti alembe kalata yokongola? Chifukwa foni ikalira adzayankhe ndi iweyo. Kalata ikakhala ya Chingerezi chapamwamba koma mwini wake akulephera kuyankha funso loyamba, amaoneka wabodza. N'chifukwa chake tinalemba poyera kuti "basic English". Ngati ntchitoyo ikufuna woposa pamenepo, kalata yosavuta siingabise zimenezo, ndipo siyenera kubisa.

Musanatumize kalata, iyeseni kawiri. Koyamba, fufuzani zithunzi. Paliponse pamene pali mwendo, mtima, thukuta, khomo logogoda kapena denga losenza, dziwani kuti mwambi wa kwathu wazembera m'Chingerezi. Uchotseni n'kulemba chimene munachita. Kachiwiri, kayikirani liwu lililonse la Chingerezi limene likufanana kwambiri ndi la Chipwitikizi. Ena ndi abale enieni, koma ena ndi achinyengo: "actually" si "atualmente", ndipo maphunziro a ntchito amene timati "formação" m'Chingerezi ndi "training", osati "formation". Litsegulireni dikishonale, osadalira khutu. Mukatero patsani mnzanu kalatayo kuti akuuzeni m'Chinyanja zimene wamva, inu muli chete. Akanena zosiyana ndi zimene mumafuna, chiganizocho chakhota. Ndinayesa zimenezi ndi kalata yoyamba ija kwa mphunzitsi mnzanga wa Chingerezi. Atafika pa "pretend" anafunsa kuti, "Mnyamatayu akuvomera yekha kuti ndi wonama?"

Ntchito imeneyi, yoima pakati pa zilankhulo ziwiri n'kufunsa ngati tanthauzo lawoloka, ndi imene timachita tsiku ndi tsiku m'kalasi ya zilankhulo ziwiri. Si zachilendo kuno. Kuyesa koyamba kwa maphunziro otere m'dziko lino, pansi pa PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, kunachitika ndi Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Ku sukulu ya uphunzitsi anatiphunzitsa kuti mwana ayambe kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo chimene amachimva, Chipwitikizi chizilowa pang'onopang'ono. Mwana wanga wa m'kalasi akandifunsa kuti "kutsina khutu" m'Chipwitikizi ndi chiyani, timaseka tonse poona kuti sungatsine khutu la munthu m'Chipwitikizi, umangomuuza chinsinsi kapena kumuchenjeza. Mwana ameneyo waphunzira ali wamng'ono chimene mphwanga anachiphunzira atataya mwayi. Apa ndikudzudzulanso ife aphunzitsi. Tikamapereka mamalikisi ambiri kwa mwana amene wadzaza tsamba ndi mawu akuluakulu, n'kumana amene walemba mizere isanu yomveka, ndife amene tikulera makalata ngati oyamba aja.

Mphwanga anamuimbira foni, ndipo anapita kukafunsidwa mafunso. Zotsatira sitinamve. Koma ulendo uno wina anawerenga mpaka kumapeto n'kumva zimene ananena.

Bambo aja ndawaitana kuti abwere Lachisanu adzakhale kumbuyo kwa kalasi yanga, ndipo makalata onse awiri ndidzawaonetsa. Inu amene muli ndi mwana kapena m'bale amene akufunsira ntchito, mufunseni mafunso anayi aja m'Chinyanja madzulo ano asanagwire foni. Amene mukutsutsa, nditsutseni ndi kalata yeniyeni, mutafufuta mayina, tiiwerengere limodzi.