Ndalama ya Sukulu ya Januwale Ikwane Pofika Novembala

Chaka chilichonse, sabata yoti sukulu zitsegulidwe ikafika, timaona zomwezomwezo kuno ku Shikabeta. Bambo akukoka mbuzi kufunafuna wogula, mayi akutapa chimanga cha chakudya m'nkhokwe, ndipo ogula, podziwa kuti wogulitsa wapanikizika, amatchula mtengo umene iwo afuna. Ambiri mwa makolo amenewa si aulesi, ndipo ena anasungadi ndalama. Chimene chinalakwika ndi kawerengedwe. Anatenga ndalama yofunika, naigawa ndi miyezi yonse yotsala kufika Januwale, ngati kuti mlimi amalandira malipiro pakutha pa mwezi monga mphunzitsi. Ife tikuti kawerengedwe kameneka n'konyenga, ndipo mlimi ayenera kukasiya.

Wina anganene kuti sukulu masiku ano n'zaulere. N'zoona kuti kuyambira Januwale 2022 boma linachotsa fizi m'sukulu zake kufika Giredi 12. Koma mwana wopita ku sekondale yogonera konko amalipirabe ndalama ya chakudya ndi malo ogona, imene pa nthawiyo inaikidwa pa K1,000 pa temu. Thandizo la CDF lilipo kwa ana ovutika, ndipo tikulimbikitsa kulembetsa, koma musaliike m'masamu anu kufikira dzina la mwana litatuluka.

Tiyeni titenge banja lachitsanzo, limene likuyamba kusunga mu Meyi kuti mwana wawo wamkazi akayambe sekondale yogonera konko mu Januwale. Mitengo imene tikuike apa ndi yongophunzirira. Yanu mukaifunse kusukulu ndi kumsika. Ndalama yogonera ndi K1,000. Yunifomu, nsapato, matiresi, bulangeti, sutikesi, ndowa ndi makope, tinene K2,300. Ulendo wa mwana ndi womuperekeza, kutuluka kuno kukafika ku msewu waukulu wa Great East ndi kupitirira, K400. Sopo, shuga ndi ya m'thumba, K300. Zonse pamodzi ndi K4,000. Onani kuti fizi yeniyeniyo ndi gawo limodzi chabe mwa magawo anayi. Chimene chimagwetsa makolo ndi katundu amene sanamulembe.

Mwa kawerengedwe kakale, banjali likanagawa K4,000 ndi miyezi 9, kuyambira Meyi kufika Januwale, n'kupeza K444 pa mwezi. Zikuoneka zosavuta, koma muli zolakwika zingapo.

Choyamba, mtengo wa matiresi mu Meyi si mtengo wake mu Januwale. M'chaka cha chilala cha 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inakwera pafupifupi K17 pa K100 iliyonse. Si chaka chilichonse chimene chimatero, komabe ife timaonjezera K15 pa K100 iliyonse, poganiziranso ndalama imene imadulidwa potapa pa foni. Pa K4,000 imeneyo ndi K600, choncho chofunika kwenikweni ndi K4,600. Ngati banjali lili kale ndi K700 yosungidwira sukulu, yotsala ndi K3,900. Tikunena ndalama imene ili m'manja, osati imene mlamu analonjeza.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yathu, Disembala ndi Januwale si miyezi yosunga. Mvula yagwa, fetereza wobereketsa akufunika, aganyu opalira akufuna chawo, dimba lasiyidwa chifukwa manja onse ali kumunda, malungo ayamba, ndipo msewu wathu ukavuta ngakhale tomato amene alipo amaolera pakhomo. Amene amalemba kuti adzasunga K444 mu Disembala akulemba maloto. Tsiku lomaliza likhale 30 Novembala. Pamenepo miyezi yatsala 7, ndipo K3,900 kugawa ndi 7 ndi pafupifupi K560 pa mwezi. Kusiyana kwa K444 ndi K560 ndiko mbuzi ija yogulitsidwa motchipa mu Januwale.

Tikudziwa kuti ambiri a inu mwapumira m'mwamba powerenga K560. Dimba laling'ono silingaitulutse mwezi ndi mwezi. Koma ndalama ya mlimi imabwera m'njira ziwiri: yaikulu ya kamodzi, pogulitsa zokolola, ndi yaing'ono ya sabata ndi sabata, ya repu, tomato, mazira ndi nkhuku. Yambani ndi yaikuluyo. Banja lathu lipatule matumba 6 a chimanga pa tsiku lokolola, chakudya cha chaka chitachotsedwa kale. Pa mtengo umene FRA inagulira mu 2025, K340 pa thumba la makilogalamu 50, ndi K2,040. Chotsani chakhumi cha Ambuye, K204, pakuti chimenecho si chathu choti tichiwerengere sukulu. Chotsaninso za masaka ndi zotengera, tinene K136. Yatsala K1,700. Tsopano dimba liyenera kupereka K2,200 yokha pa miyezi 7, imene ndi K314, ndipo ife timaikweza kufika K320. Imeneyo ndi K80 pa sabata, ndalama imene mayi angaione ndi maso Lachisanu madzulo, Sabata lisanalowe, n'kudziwa ngati yakwana kapena ayi. Kumbukirani kuti posunga K320 mutapereka chakhumi, phindu la dimba liyenera kukhala pafupifupi K356, zakudya za pakhomo zisanawerengedwe.

Ena amafunsa za chiwongoladzanja cha m'gulu losunga ndi kubwereketsa. Musachiike m'masamu. Pa miyezi 7 n'chochepa, ndipo chimadalira anzanu kubweza ngongole. Chikabwera chidzagula nsapato zina. Chofunika kufunsa gulu ndi tsiku logawana: ngati ligawana sukulu zitatsegulidwa, ndalamayo si ya temu imeneyo. Chilimba nachonso chimodzimodzi. Pemphani kuti mwezi wanu wolandira ukhale Okutobala kapena Novembala.

Mungadziwe bwanji kuti zinthu zikupendekera? Pakutha pa Julayi banjali liyenera kukhala ndi K960 ya m'dimba. Tinene kuti kunagwa maliro mu Juni, ndipo m'buku muli K500 yokha. Musapitirize ndi K320 ngati palibe chachitika. Werengeraninso: K2,200 kuchotsa K500 ndi K1,700, kugawa ndi miyezi 4 yotsala ndi K425. Ngati dimba silingafike pamenepo, lino ndilo tsiku loonjezera bedi la ndiwo madzi akadalipo, kapena kupatula thumba lina, kapena kusankha mbuzi yodzagulitsa Khirisimasi isanafike, pamene ogula ali ambiri. Kuchedwa kuwerengeranso ndi mwezi umodzi kumakweza K425 kufika pafupifupi K460 ngati mwasungabe K320 mu Ogasiti, ndipo kupitirira K560 ngati simunasunge kanthu.

Pali china chimene kawerengedwe aka sikangachibise. Januwale si mapeto. Temu yachiwiri imatsegulidwa mu Meyi, chimanga chisanaume bwino ndipo misika isanatsegulidwe, ndipo imafuna ndalama yogonera, ya ulendo ndi ya sopo, K1,700 pa chitsanzo chathu. Kuisunga kuyambira Disembala kufika Epulo ndi K340 pa mwezi, m'miyezi yomwe ija tanena kuti siisungitsa. N'chifukwa chake ife timati pa tsiku lokolola mupatule matumba a matemu awiri, 12 osati 6, ndipo achiwiriwo muwathire mankhwala oteteza ku anankafumbwe, musawasakanize ndi a chakudya. Ngati munda sungapereke matumba 12 opitirira chakudya cha banja, mwadziwa zimenezo mu Meyi, mukadali ndi miyezi yokulitsa dimba, yolembetsa ku CDF, ndi yokhala pansi ndi amalume ake a mwanayo.