Dola ya ku North York ikafika kumudzi

Ife a ku North York ambiri timalandira malipiro pa masabata awiri aliwonse. Lachisanu la malipiro likafika, m'basi yotsika ndi msewu wa Finch mumaona anthu ataweramira mafoni awo, wina wa ku Philippines, wina wa ku Ghana, wina wa ku Jamaica, aliyense akuyang'ana kuti dola ya Canada ikugula zingati kwawo lero. Mmalawi naye amawerama chimodzimodzi, koma nkhani yake ndi yosiyana pang'ono ndi ya anzakewo, chifukwa kwacha sisintha mtengo tsiku ndi tsiku pamsika monga ndalama zina. Imakhala phee miyezi yambiri pa mtengo umene Reserve Bank of Malawi yaika, kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi. Amene sakudziwa zimenezi amataya nthawi kudikira zinthu zazing'ono, zikuluzikulu n'kumupitirira.

Choyamba kudziwa n'chakuti palibe msika weniweni umene dola ya Canada imasinthanitsidwa ndi kwacha mwachindunji. Pakati pamakhala dola ya Amereka. Kuyambira mu Malichi 2024 mpaka m'kati mwa 2025, mtengo wapakati wa boma unaima pafupifupi K1,734 pa dola imodzi ya Amereka. Choncho nambala imene inkasinthasintha pafoni panu siinali kwacha ayi, inali dola ya Canada ikulimbana ndi ya Amereka. Kumayambiriro kwa Febuluwale 2025, pamene boma la Amereka linkaopseza Canada ndi misonkho ya katundu, panafunika pafupifupi madola a Canada 1.47 kuti mugule dola imodzi ya Amereka. Gawani 1,734 ndi 1.47, mupeza kuti dola yathu ya kuno inkagula pafupifupi K1,180. Pofika mu Juni chaka chomwecho zinafewa, zinafika cha pa 1.36, ndipo dola yomweyo inkagula pafupifupi K1,275. Kwacha inali isanagwedezeke n'komwe.

Kasamu kameneka n'kothandiza kwambiri. Bank of Canada imalengeza mtengo wa dola ya Amereka tsiku lililonse la ntchito cha m'ma 4:30 madzulo, ndipo Reserve Bank nayo imalengeza wake. Mukagawa manambala awiriwo mumapeza mtengo wapakati, umene palibe kampani ingakupatseni wathunthu, koma ndiwo muyezo wodziwira kuti aliyense akukudyerani zingati.

Makampani otumiza ndalama, kaya Western Union, WorldRemit kapena banki yanu, amapeza phindu m'malo awiri. Pali ndalama yolipira potumiza, imene amailemba poyera, ndipo pali kusiyana kwa mtengo wapakati ndi mtengo umene akukupatsani, kumene sikulembedwa paliponse. Mawu akuti "tumizani ulere" amanena za malo oyamba okha. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopangira chitsanzo. Tinene kuti mtengo wapakati lero ndi K1,240. Kampani yoyamba sikulipiritsa kanthu potumiza, koma ikupereka K1,190 pa dola. Yachiwiri ikulipiritsa madola 6, koma ikupereka K1,225. Inu muli ndi madola 500 basi, osaposa apo. Kwa yoyamba, mayi alandira K595,000. Kwa yachiwiri, muchotse kaye madola 6 aja, atsala 494, ndipo mayi alandira K605,150. Kampani yolipiritsa ija yapereka zoposa K10,000 pamwamba pa yaulere.

Koma tsiku lina mlongo wanu akapempha madola 100 okha a mankhwala, zinthu zimatembenuka. Yoyamba ipereka K119,000, yachiwiri K115,150. Pa manambala amenewa, malire ali pa madola 210: kuchepera apo yaulere ndiyo yabwino, kuposa apo yolipiritsa ndiyo yabwino. N'chifukwa chake sindikhulupirira munthu akandiuza kuti kampani yakutiyakuti ndiyo yotsika mtengo, ngati kuti ndi nkhani yothaitha. Zimadalira kuti mukutumiza zingati, tsiku liti, ndiponso wolandirayo akazitenga bwanji. Funso loyenera kufunsa kampani iliyonse ndi limodzi: ndikachotsa madola akutiakuti m'akaunti mwanga, onse pamodzi ndi zolipira, kumudzi kufika makwacha angati? Funsani makampani awiri kapena atatu ola lomwelo, chifukwa mtengo wa m'mawa ndi wa madzulo sufanana. Ndipo mtengo wokoma umene amapatsa kasitomala watsopano ndi wa ulendo woyamba wokha, ulendo wachiwiri muyerekezenso.

Palinso timabowo tiwiri timene ndalama zimadonthera. Mukalipira ndi khadi la ngongole m'malo mwa akaunti ya kubanki, mabanki ambiri a kuno amaziwerengera ngati mwatapa ndalama za ngongole pamanja, ndiye pamabwera chindapusa chake ndi chiwongoladzanja choyamba tsiku lomwelo. Kumudzi nako, ndalama zikalowa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, wolandira amadulidwa akamatapa kwa ejenti, ndipo ejenti wa pa tauni yaing'ono nthawi zina sakhala ndi ndalama zokwanira kupereka theka la miliyoni nthawi imodzi. Mayi amatapa pang'onopang'ono, ulendo uliwonse akudulidwa, kuphatikizapo ya kabaza. Ngati ndi fizi, ndi bwino ndalamazo zilowe m'akaunti ya kubanki n'kupita kusukulu osadutsa m'manja.

Tsopano za nthawi yotumizira, pamene ndikuona kuti ambiri timaika maso polakwika. Munthu amatha kusunga madola masabata awiri kudikira kuti dola ya Canada ikwere ndi makwacha khumi. Pa madola 500, amenewo ndi K5,000. Pamene akudikira choncho, kumudzi mitengo sikumudikira. Mu 2024 mitengo ya zinthu ku Malawi inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, kutanthauza kuposa 2 peresenti mwezi uliwonse. Ndiye ngati katunduyo alipo ndipo wogula ndi wokonzeka, tumizani, agule lero. Koma ngati ntchito yake ndi ya miyezi itatu kutsogolo, musatumize kuti akusungireni mu makwacha. Miliyoni imodzi yokhala chabe miyezi itatu pa kakwereredwe kotere imataya mphamvu ya K60,000 kapena kuposa, palibe amene waba. Ndalama yodikira idikire ili dola, kaya kuno kaya mu akaunti ya ndalama zakunja imene mabanki a kwathu amatsegulira anthu okhala kunja.

Zimene zinachitika mu Novembala 2023 zimaphunzitsa bwino. Reserve Bank inatsitsa kwacha ndi 44 peresenti, dola ya Amereka n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Nthawi imeneyo dola ya Amereka inali cha pa madola a Canada 1.38. Amene anatumiza madola 1,000 sabata yoyamba ya mweziwo, abale ake analandira cha m'ma K855,000, zolipira tisanachotse. Amene anatumiza patapita sabata, analandira cha m'ma K1,230,000. Kusiyana kwake n'kowawa, ndipo wina angaganize kuti wachiwiriyu anaphula K375,000 yonse. Sizili choncho. Patangopita tsiku limodzi petulo anakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo zonse zoyenda pagalimoto zinatsatira. Amene anapinduladi ndi amene anali ndi zolipira zogwirizana kale mu makwacha: ngongole, lendi ya mwezi umenewo, fizi ya teremu imene inali italengezedwa, kapena mmisiri amene munapangana naye mtengo wa ntchito yonse. Woyamba uja naye, ngati abale ake anagula simenti ndi malata tsiku lomwe analandira, sanataye kanthu, mwinanso anagula pa mtengo wakale. Amene analira ndi amene anatumiza msanga, ndalama n'kuzisiya zili gone kubanki. Zomwezo zinachitika mu Meyi 2022, kwacha itatsitsidwa ndi 25 peresenti. Tsiku la kutsitsa silinenedweratu, koma zizindikiro zimaoneka: mizere ya mafuta, mabanki kusowa madola opatsa amalonda, ndi mtengo wa pamsewu kutalikirana kwambiri ndi wa boma.

Mtengo wa pamsewuwo ndi umene umapweteka mtima wa aliyense wotumiza ndalama. Kumayambiriro kwa 2025 dola ya Amereka inkagulidwa ndi zoposa K4,000 pamsika wozembera, pamene mabanki ankagulitsa pa K1,751. Wamalonda amene wagula dola yake pamsewu amaika mtengo wa katundu potengera pamsewu pomwepo. Ndiye mayi akulandira ndalama pa mtengo wa boma, n'kukagula sopo ndi mafuta ophikira pa mtengo wa pamsewu. Sindidabwa kumva alamu akuimba foni kuti, "Alamu, bwanji osangopereka madolawo kwa mnzanga ali komweko, ife atipatse makwacha kuno?" Njira imeneyi ilipo ndithu: wina ku Lilongwe akufuna kulipirira mwana wake wophunzira ku Toronto, inu mumatumizira mwanayo pa Interac e-Transfer, bambo ake n'kupereka makwacha kwa abale anu. Ine sindiyendamo, ndipo zifukwa zanga ndi ziwiri. Malamulo a Malawi saloleza kugula kapena kugulitsa ndalama zakunja kunja kwa mabanki ndi malo ovomerezeka, ndipo amene angagwidwe ndi m'bale wanu ali kumudziyo, osati inu muli ku Jane ndi Finch. Chachiwiri, ndalama za pa Interac zikangolowa kwa wolandira simungazibweze nokha, ndipo mulibe risiti yokadandaulira kulikonse. Makampani ovomerezeka kuno amalembetsa ku FINTRAC, ndipo kaundula wake aliyense angamuone asanapereke ndalama zake. Komabe sindinyoza amene amayesedwa nazo. Kusiyana kukafika pa kawiri, vuto lili pa kayendetsedwe ka ndalama za dziko, ndipo boma likafuna kuti madola athu adutse kubanki liyenera kuyang'ana pamenepo.

Nthawi ina yofunika ndi ya kumunda. Chimanga chimatsika mtengo anthu akakolola, cha m'ma Meyi ndi Juni, ndipo chimakwera kwambiri mu Janyuwale ndi Febuluwale. Madola 300 otumizidwa mu Meyi kuti agule matumba ndi mankhwala osungira chimanga amadyetsa banja nthawi yaitali kuposa madola omwewo otumizidwa njala itavuta, ngakhale pafoni mtengo wa dola utaoneka wokoma bwanji. Feteleza nayenso ndi bwino kumugula mvula isanayandikire, anthu asanayambe kumulimbirana. Kwa ife a kuno, miyezi ya Epulo ndi Meyi ndi imene ambiri amabwezeredwa ndalama za msonkho ndi Canada Revenue Agency, ndipo zimenezi zimagwera nthawi yomwe chimanga chikuyamba kutsika.

Potumiza, kumbukiraninso kuti Malawi ali patsogolo pathu ndi maola 6 m'chilimwe cha kuno, ndi maola 7 m'nyengo ya chisanu. Mukatumiza ku akaunti ya kubanki Lachisanu mutaweruka, kumudzi kuli pakati pa usiku, ndipo zikakakamira penapake, woti azikonze amapezeka Lolemba. Ngati n'za maliro kapena wodwala, tumizani pafoni, mulembe dzina la wolandira monga lilili pa chiphaso chake cha unzika, ndipo mumuimbire kuti atsimikize makwacha amene afika asanapite kwa ejenti.