Safunsa anadya phula: za chibwenzi cha ku Joni

Lero ndikufuna tikambirane za anyamata ndi atsikana athu amene amapita ku Joni kukagwira ntchito kapena kukaphunzira, nakapeza chibwenzi kumeneko. Sindikuletsa, ayi. Mtima suona malire a dziko. Chimene ndikutsutsa ndi chizolowezi chopereka ndalama kwa makolo a mkazi, kapena kulola kuti ziperekedwe kwa makolo ako, usanafunse dzina la ndalamazo. Pajatu akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ulendo wa ku Joni si wachilendo kwa ife. Azibambo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, mpaka mu 1974 pamene ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kalembera wa anthu opita kumeneko. Amuna a nthawi imeneyo ankagona m'makomboni a amuna okhaokha ndipo ankayankhula Chifanakalo, chiyankhulo cha pantchito chongolamulira: tenga ichi, bwera kuno, fulumira. Ndi chiyankhulo chotere sungafunsire mbeta, ndipo Mzulu amachimva ngati chipongwe. Ena mwa iwo anakwatira komweko osabweranso, ndiwo tinkawatchula kuti matchona. Ana a lero amakhala pakati pa eni dziko, amakwera nawo minibasi, amapemphera nawo, ndipo amatola Chizulu cha mumsewu m'miyezi yochepa. Apa ndi pamene pagona msampha, chifukwa Chizulu chogulira buledi si Chizulu chokambira ukwati.

Mundilole ndikusimbireni za mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ku pulayimale. Dzina lake ndisunga. Ankagwira ntchito ya m'munda wa maluwa pa nyumba ina ku Durban, ndipo anagwa m'chikondi ndi mtsikana wa Chizulu wogulitsa m'sitolo. Awiriwa ankamvana mwa Chingerezi chothyokathyoka. Mtsikanayo atatenga pathupi, amayi a kwawo anabwera naye m'mamawa kudzanena za mimbayo, ndipo anatchula tsiku loti mnyamatayo akaonekere kwa makolo. Iye anapita ndi mnzake mmodzi wa msinkhu wake. Akuluakulu anayankhula nthawi yaitali m'Chizulu chakuya, ndipo pa zonsezo iye anangotolapo mawu awiri: ng'ombe ndi ndalama. Anavomera, nagwira ntchito chaka chathunthu, napereka zonse zimene anamuuza. Kenaka anaimba lamya kuno kumudzi kuti, “Ndamaliza kulowola, tsopano ndili pabanja.”

Patapita zaka zitatu anafuna kubwera ndi mkazi ndi mwana kudzaonetsa agogo. Bambo a mtsikanayo anamufunsa modekha kuti, “Mkazi wake uti? Unatilowola liti?” Ndi pamene anamumasulira kuti zimene anapereka zija zinali inhlawulo, ndiye kuti chindapusa cha mimba. Inhlawulo ndi chipepeso kwa banja la mtsikana chifukwa chomupatsa pathupi kunja kwa ukwati, komanso ndi kuvomera poyera kuti mwanayo ndi wako. Kawirikawiri imakhala ng'ombe ndi mbuzi, kapena ndalama za mtengo wake. Koma siimanga ukwati. Sanamunamize munthu aliyense. Iye anamva mawu oti ng'ombe, namaliza yekha nkhani yonse m'mutu mwake.

Onani chimene chinamusokeretsa. Mwana wa ku Mulanje kapena ku Zomba, wokulira m'chikamwini, akamva za ng'ombe amadzidzimuka ndipo amafunsa, poti kwawo kulibe zimenezo. Koma ife a ku Chitipa, Alambya, Anyiha, Andali ndi Asukwa, timalowola, ndipo ana amakhala a kuchimuna. Tsono mwana wa kuno akamva mawu oti lobola amati, “Izi ndi zakwathu zomwe.” Kufanana kumeneku ndi kumene kumapha. Njira yachilendo munthu amayenda akuyang'ana pansi, koma njira yofanana ndi ya kwanu amathamangamo mpaka kugwera m'mbuna.

Mwambo wa Azulu uli ndi makwerero ake, ndipo khwerero lililonse lili ndi dzina. Mabanja amasiyana pa zina ndi zina, koma msana wake ndi uwu. Poyamba banja la mnyamata limalemba kalata yopempha tsiku. Pa tsikulo mnyamata sadziyankhulira yekha. Amatuma akuluakulu otchedwa abakhongi, amene ntchito yawo ndi ngati ya thenga kapena ankhoswe kwathu kuno. Iwowa amaima kunja kwa chipata ndi kufuula mayina aulemu a mfunda wa mtsikana kufikira atawalowetsa. Akalowa, eni nyumba akhoza kukhala duu osayankhula mpaka alendo atapereka imvulamlomo, kandalama kotsekulira pakamwa. Nayonso imvulamlomo si malowolo. Pambuyo pake ndi pamene amayamba kukamba za ng'ombe.

Chiwerengero chodziwika kwa mwana wa munthu wamba ndi ng'ombe 11: khumi za bambo ndi imodzi ya mayi. Malire a ng'ombe khumiwa anakhazikitsidwa ndi boma la atsamunda ku Natal mu 1869, nthawi ya Theophilus Shepstone, ndipo anthu anawazolowera mpaka kukhala ngati mwambo wa makolo. M'matauni ng'ombezi zimasanduka ndalama. Tiyerekeze kuti mbali ziwiri zagwirizana kuti ng'ombe imodzi ikhale marandi 8,000. Ndiye kuti 11 zikwana marandi 88,000. Sayembekezera kuti upereke zonse tsiku limodzi. Umapereka zingapo, zotsala zimalembedwa. Mnyamata wathu uja akanadziwa zimenezi akanadzifunsa: kalata ndinalemba liti? Anandiimirira pachipata ndani? Mafunso awiri okhawa akanamuuza kuti pamene anakhala paja sipanali pa bwalo la malowolo.

Msampha womwewu uli ndi khomo lachiwiri, ndipo ndi loopsa koposa. Wina amapereka ng'ombe ziwiri kapena zitatu akuganiza kuti wangopereka chikole, kuti akadali pa chitomero ndipo akhoza kusintha maganizo. Koma dziko la South Africa lili ndi lamulo nambala 120 la mu 1998, limene linayamba kugwira ntchito mu Novembala 2000, lovomereza maukwati a mwambo. Lamuloli likufuna zinthu zitatu: onse awiri akhale opitirira zaka 18, onse awiri avomere kukwatirana mwa mwambo, ndipo ukwatiwo ukambidwe ndi kumangidwa kapena kusangalalidwa motsata mwambo. Likunena kuti ukwati ulembetsedwe ku Home Affairs pasanathe miyezi itatu, komabe kusalembetsa sikuufafaniza. Mu 2019, pa mlandu wa Mbungela ndi Mkabi, bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti ukwati wa mwambo unalipo ngakhale kuti malowolo anali asanathe ndipo mwambo woperekeza mkwatibwi kuchimuna unali usanachitike. Ndiponso ngati simunalemberane pangano lina musanakwatirane, ukwati wa mkazi mmodzi wotere umaphatikiza chuma ndi ngongole za awirinu.

Taonani tsono: mmodzi ankadziyesa wokwatira pamene sanali, wina amadziyesa mbeta pamene lamulo likumuwerenga wapabanja. Onse awiri analakwa pa chinthu chimodzi, kusafunsa dzina la ndalama. Atsikana athu nawonso amve. Mwamuna wa kumeneko akatumiza ndalama kwa amalume ako kuno, dziwa chimene iye akuzitcha ndi chimene amalume akuzitcha, chifukwa n'kutheka kuti mbali imodzi ikuti mphatso pamene inayo ikuti malowolo. Ndipo amene anasiya mkazi kapena mwamuna kuno anene poyera asanatume munthu pachipata cha eni. Bodza la pamenepo limadzalipidwa ndi ana a mbali zonse ziwiri.

Ndikudziwa chimene achinyamata mundiyankhe. Munena kuti, “Agogo, chikondi ndi cha anthu awiri, ndipo ku Joni tilibe amalume.” Mbali yoyamba ndikuvomera pang'ono. Kufunsirana ndi kwa awiri, ndipo mawu ochepa amakwanira. Koma tsiku limene mimba yaoneka, kapena maliro agwa, kapena mwana akufuna pasipoti, anthu awiri aja amapezeka ali pakati pa mabanja awiri ndi malamulo a mayiko awiri. Za kusowa amalume sindikuvomera. Ku Durban, ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli Amalawi achikulire amene akhalako zaka zambiri, m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu othandizana pa maliro. Pempha mmodzi wa iwo, wa imvi, womva bwino chiyankhulo cha eni, ndipo amalume ako enieni amupatse mphamvu pa lamya. Womasulira asakhale bwenzi lako lomwelo, chifukwa mwana sangamasulire mawu olimba a bambo ake osawafewetsa.

Ukakhala pa bwalo lotero, chita zinthu zitatu. Funsa dzina la ndalama iliyonse m'chiyankhulo chawo, ndi chimene chisinthe ukaipereka. Pempha kuti zonse zilembedwe pa pepala, tsiku, mayina a mboni, zoperekedwa ndi zotsala, ndipo mbali iliyonse isunge lake. Mabanja ambiri kumeneko amachita kale zimenezi, choncho palibe adzakuone ngati wamwano. Pomaliza funsa funso limene mnyamata wathu anachita nalo manyazi: “Kodi tikatuluka pano, ine ndi mwana wanuyu ndife chiyani?”

Mufuna kudziwa mmene nkhani ija inathera. Ndalama zake sizinapite m'madzi. Lamulo la ana la dzikolo, la mu 2005, limawerengera bambo wosakwatira amene anavomera mwana kapena kulipira chindapusa cha mwambo, ngati wakhalanso akuthandiza kulera ndi kusamalira mwanayo. Choncho anali ndi mawu pa mwana wake, ngakhale sakanatha kumutulutsa m'dzikomo popanda chilolezo cha mayi. Anadzichepetsa, napeza bambo wina wa ku Karonga amene wakhala ku Durban nthawi yaitali, nalemba kalata, nayambira pachipata monga mwa mwambo. Chaka chatha anabwera ndi banja lake, ndipo ndinamuona mwanayo akuthamangitsa nkhuku pabwalo la agogo ake, akusakaniza Chizulu ndi Chilambya.

Adzukulu anga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kondani amene mtima wanu wakonda, wa mtundu uliwonse, koma dzanja lisalowe m'thumba pakamwa pasanafunse. Amene muli ndi abale ku Joni, awerengereni mawu awa. Tsalani bwino, ndine agogo anu kuno ku Kaseye.