ZA MAFONI ATHU: Kodi pulogalamuyo idzadula kanema wanu, kapena idzapeka wina?

Sabata ino tikambirana za mapulogalamu a kanema amene otsatsa malonda ali kuwalengeza m'mafoni athu usana ndi usiku. Onse alonjeza cinthu cimodzi, cakuti adzakupangirani kanema wokongola m'kanthawi kocepa. Koma mapulogalamu amenewa ali a mitundu iwiri yosiyana kwambiri, ndipo munthu wosadziwa kusiyana kwake angataye ndalama ndi kulandira cinthu cimene sanacifune.

Mtundu woyamba uli ngati telala. Mupita kwa iye ndi nsalu yanu, iye aidula, ataya zotsala, nasoka zidutswa zimene mwasankha. Cobvala cimene mubwera naco kunyumba ndi nsalu yanu yomwe ija. Momwemonso pulogalamu yokonza kanema itenga kanema amene munajambula ndi foni yanu, idula pamene mwaiuza ndi kulumikiza zidutswazo. CapCut, InShot ndi KineMaster anachuka ndi nchito imeneyi.

Mtundu waciwiri uli ngati munthu woluka nsalu. Mumuuza maonekedwe amene mufuna, mwina mumuonetsa kansalu kanu, ndipo iye aluka nsalu ina yofanana nayo. Mapulogalamu otere apeka zithunzi zoyenda zimene kamera iliyonse sinajambulepo. Sora, amene kampani ya OpenAI inamuonetsa mu February 2024, ndi Veo wa kampani ya Google, anapangidwira nchito yopekayi. Palibe colakwa ndi nchito imeneyi kwa amene aifuna. Bvuto libwera pamene munthu afuna telala, nagogoda pakhomo la woluka.

Izi n'zimene zinacitikira amalume anga. Pa ukwati wa mwana wao, mnyamata wina anajambula kanema wa mphindi 40 ndi foni yao. M'kanemamo muli zambiri zosafunika, monga miyendo ya anthu, fumbi ndi denga la cisakasa, koma mulinso agogo athu alikubvina ndi kulangiza akwati. Agogowo anatisiya miyezi ingapo ukwati utapita. Amalume anafuna kucepetsa kanemayo kuti akhale wa mphindi 5 cabe, amutumize kwa abale a ku Migodi amene analephera kubwera.

Tsiku lina anaona cilengezo ca pulogalamu ina imene sindidzaichula dzina. Cilengezoco cinati zikumbutso zanu zidzasanduka kanema wokongola mwa kungodina kamodzi. Anagula bandulo, naikopera, nalipira. Pulogalamuyo sinawapemphe kanema wa mphindi 40 uja. Inawapempha cithunzi cimodzi ndi mau ofotokoza zimene afuna kuona. Anaipatsa cithunzi ca agogo, mwana wa sukulu nawalembera mau akuti nkhalamba ilikubvina pa ukwati. Patapita mphindi zowerengeka panatuluka kanema wa masekondi 5.

Pondionetsa anati, "Taona iwe mwana wa mlongo wanga, nkhope ndi ya amai, koma kabvinidwe aka si kao. Ndiponso citenje ici anacitenga kuti?" Ndinayang'anitsitsa. Maluwa a pa citenje anali kusintha pamene thupi linali kutembenuka, ndipo anthu oima kumbuyo sanali a m'mudzi mwathu. Pulogalamuyo sinaname kwenikweni, pakuti inapangadi kanema. Koma inapeka agogo ena obvala nkhope ya agogo athu. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono mungadziwe bwanji musanalipire? Pali mafunso atatu amene muyenera kufunsa cilengezo ciliconse.

Funso loyamba ndi ili: kodi kanema wanga alowera pati? Musamvere nyimbo ndi zithunzi zokongola za m'cilengezo, koma yang'anani zithunzi zoonetsa m'kati mwa pulogalamuyo, zimene zipezeka pa Play Store musanaikopere. Pulogalamu yokonza ionetsa kanema wanu atatambasulidwa ngati lamba m'munsi mwa galasi la foni, tizithunzi tating'ono titandandalikana kucokera kumanzere kupita kumanja. Lamba ameneyu alembedwa Timeline. Pafupi naye mudzaona mau akuti Trim, kutanthauza kudula kumapeto, ndi Split, kutanthauza kudula pakati. Ameneyo ndiye telala ndi lumo lake. Koma mukaona bokosi lopanda kanthu loti mulembemo mau, lolembedwa Prompt, ndi batani lalikulu lolembedwa Generate, dziwani kuti mwafika kwa woluka. Mau akuti Text to video atanthauza kuti kanema acokera m'mau olembedwa, osati m'foni yanu.

Pano pali msampha umene unagwira amalume. Mau akuti Upload pa okha sali umboni wakuti pulogalamu idzakonza zanu. Funsani kuti ilandira ciani. Ngati palembedwa Image to video, ndiye kuti itenga cithunzi canu monga poyambira cabe, ndipo kuyenda konse kotsatira ndi kopeka. Ngati palembedwa Video to video, ilandiradi kanema wanu, kawirikawiri kacidutswa kafupi, koma imujambulanso mwatsopano motsatira mayendedwe ake, kotero kuti nkhope, zobvala ndi malo zingasinthe. Ziwiri zonsezi ndi nchito ya woluka, ngakhale mwamubwereka nsalu yanu kuti aonerepo.

Funso laciwiri: kodi cilengezo cikamba za utali wotani? Telala sawerengera nsalu yanu, adula imene mwabwera nayo, kaya ndi yaifupi kaya ndi yaitali. Pulogalamu yokonza kanema pafoni ilandira wa mphindi 40 malinga ngati m'foni muli malo okwanira. Koma mapulogalamu opeka atulutsa tizidutswa tatifupi, cifukwa kupeka sekondi iliyonse kudya mphamvu yaikulu ya makompyuta a kampaniyo. Pamene Sora anatsegulidwa kwa anthu mu December 2024, kanema wake wautali koposa anali wa masekondi 20. Veo 3, pamene anatuluka mu May 2025, anali kupanga zidutswa za masekondi 8. Cotero mukaona poti musankhe pakati pa 5s ndi 10s, cimeneco ndi cizindikiro ca woluka.

Tiyeni tiwerengere pamodzi za amalume. Mphindi 5 ndi masekondi 300. Pa zidutswa za masekondi 5 akadafunika zidutswa 60, ndipo mwa zonsezo sipakadapezeka ngakhale cimodzi coonetsa zimene zinacitikadi pa ukwati uja.

Funso lacitatu litsatira pomwepo: kodi ndilipira ciani? Mapulogalamu opeka kawirikawiri agulitsa zimene azicha Credits. Nthawi iliyonse mukadina Generate, zina zicotsedwa, kaya cotulukaco mwacikonda kaya simunacikonde. Kwa telala zinthu ziyenda mwina. Mungadule ndi kubwezera kakhumi osalipira kanthu, ndipo amene alipiritsa amalipiritsa pa mwezi, kuti mucotse cidindo ca dzina lao pa kanema kapena mupeze zokometsera zina.

Ndiyenera kukucenjezani kuti masiku ano mapulogalamu ambiri asunga amisiri onse awiri m'nyumba imodzi. CapCut, amene ali ndi lamba wodulirapo, anaonjezanso mabatani opeka zithunzi ndi makanema. Motero dzina la pulogalamu lokha silikwanira, muyenera kudziwa batani limene mulikudina. Liu lakuti AI nalonso silithetsa nkhani. Pena litanthauza kuti makina akuthandizani kulemba mau a wolankhula m'munsi mwa kanema wanu, kapena kucotsa malo amene munthu anali cete, ndipo kanemayo akhalabe wanu. Pena litanthauza kupeka. Palinso mapulogalamu ena amene mukawapatsa mau, asonkhanitsa makanema a anthu acilendo ocokera m'nkhokwe zao nawalumikiza. Amenewo ali ndi lamba wodulirapo ndithu, koma nsalu yake si yanu kufikira mutaikamo yanu.

Ngati mukayikabe, yesani motere musanalipire ngwee iliyonse. Jambulani mwana wanu kwa mphindi imodzi atanyamula kalenda ya pakhoma, alikuwerenga mokweza kuyambira 1 kufika 30. Lowetsani kanemayo m'pulogalamu, ndipo yesani kucotsa cigawo coyambira pa 10 kufika pa 20. Pulogalamu yokonza idzakupatsani mwana yemweyo, ndi liu lake lomwelo, alikulumpha kucokera pa 9 kupita pa 21, ndipo manambala a pa kalenda adzawerengeka monga kale. Yopeka idzakana kanema wautali cotero, kapena idzasowa podulira, kapena idzabweza mwana wofanana naye ndi kalenda ya manambala osokonezeka. Ndanena kalenda dala, cifukwa malemba ang'onoang'ono ndi maluwa a pa nsalu ndizo zimene makina opeka amakonda kuphonya. Komabe musadalire zolakwa zokha, pakuti makinawa alikupita patsogolo caka ndi caka. Umboni weniweni ndi wakuti cotuluka cifanane ndendende ndi cimene munalowetsa.

Kuyesa kwina n'kosabvuta koposa. Zimani intaneti pafoni, kenaka yesani kudula. Mapulogalamu okonza a m'foni amadula ndi kulumikiza popanda netiweki, pakuti nchitoyo icitikira m'foni momwemo. Opeka aima pomwepo, cifukwa nchito yao icitikira ku makompyuta akutali. Kuyesaku kuli ndi malire ake: alipo mapulogalamu okonza enieni amene agwira nchito pa intaneti pokha. Amenewo ndi atelala ndithu, koma adzafuna kuti muyambe mwatumiza kanema yense. Mphindi imodzi ya kanema wooneka bwino ingalemere pafupifupi mamegabaiti 100, cotero mphindi 40 zingadye magigabaiti 4 a bandulo. Kwa ife a kumudzi, telala wokhala m'foni ndiye wotiyenera.

Amalume tinawathandiza madzulo amodzi titakhala pakhonde. Tinatsegula pulogalamu yokonza, tinalowetsa kanema yense, tinadina Split pamene agogo anaimirira ndi pamene anakhala pansi, ndipo tinacita cimodzimodzi pa malangizo ndi pa kulowa kwa akwati. Zotsala tinazicotsa pa lamba, tinadina Export, ndipo panatuluka kanema watsopano wa mphindi 5 ndi theka. Kanema woyamba wa mphindi 40 anatsala m'foni osakhudzidwa, pakuti pulogalamu yokonza ipanga kope lina. Ndinawauza kuti asamufafanize, koma amusungenso pa kakhadi ka memore.

Pamene agogo anaonekera alikugwedeza mapewa monga anali kucitira, liu lao likumveka pamwamba pa ng'oma, amalume anakhala cete kwa kanthawi, kenaka anati, "Awa ndiwo amai." Abale a ku Migodi analandira kanemayo usiku womwewo.

Sabata yamawa tidzakambirana za kasungidwe ka makanema otere, kuti foni ikatayika kapena ikagwera m'madzi, zikumbutso za banja zisapite nayo.