Kudziwongola kuli ndi malo ake pa zokonzekera za mpira

Pa mabwalo a mpira a m'boma la Mangochi, kuyambira pa Mangochi Stadium mpaka pa mabwalo a sukulu a ku Namwera, Malindi ndi Monkey Bay, mphindi zotsala pang'ono kuti mpira uyambe zimayenda mofanana. Osewera amapanga bwalo, kaputeni amaima pakati, aliyense amaweramira zala za kuphazi mawondo ali chiwongokere, n'kuwerenga mokweza mpaka 20 kapena 30. Kenako amagwira kakolo n'kukokera chidendene kumatako, ena atatsamirana mapewa kuti asagwe. Oyimbira akaliza wenzulo, matupi amene angoima malo amodzi kwa mphindi 10 amayembekezeka kuthamanga liwiro la mtondo wadooka. Mwambowu uli ndi cholinga chabwino, koma waikidwa pa malo olakwika. Kudziwongola kogwirizira, kumene munthu amakoka mnofu n'kuusiya chikokere osasuntha, malo ake ndi kumapeto kwa zokonzekera kapena pa nthawi yakeyake. Mpira usanayambe pamafunika kudziwongola koyenda, kumene mwendo kapena mkono umapita mpaka pamene umalekezera n'kubwerera pompo, mobwerezabwereza, liwiro likukwera pang'onopang'ono.

Amene amateteza mwambo wa bwalo lija amanena kuti umapewetsa kuvulala, ndipo apa m'pamene umboni umawatsutsa kwambiri. M'chaka cha 2000, Rodney Pope ndi anzake anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anyamata oposa 1,500 amene ankaphunzira usilikali ku Australia kwa masabata 12. Onse ankatenthetsa thupi asanayambe maphunziro a tsikulo, koma gulu limodzi linkawonjezera kugwirizira minofu ya m'miyendo masekondi 20 pa mnofu uliwonse. Pamapeto pake, chiwerengero cha ovulala miyendo m'magulu awiriwo sichinasiyane mokwanira kuti munthu anene kuti kugwirizirako kwathandiza. Mu 2014, Jeppe Lauersen ndi anzake a ku Denmark anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri wotere n'kupeza kuti kudziwongola pakokha sikunachepetse kuvulala, pamene masewera olimbitsa minofu anakuchepetsa kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimva. Mnofu wa kuseri kwa ntchafu umang'ambika kawirikawiri pamene wosewera ali pa liwiro lalikulu, mwendo wauponya kutsogolo, mnofuwo ukulimbana kuti uugwire phazi lisanaponde pansi. Pa nthawi imeneyo chimene chikufunika ndi mphamvu yogwira buleki mnofu uli wotalika, ndipo mphamvu imeneyo siibwera chifukwa munthu anaweramira zala za kuphazi.

Kugwirizira kwa nthawi yaitali kumachotsanso kanthu. Mnofu ukakokedwa kwa nthawi yaitali, mitsempha imene imaulamula imachepetsa ukali wake kwa kanthawi, ndipo mnofuwo umalefuka pang'ono, moti sukankha mwamphamvu monga kale. Mu 2016, David Behm ndi anzake, ataunika kafukufuku wochuluka, anapeza kuti kugwirizira mnofu umodzi kwa masekondi 60 kapena kuposerapo kumatsitsa zimene mnofuwo ungachite ndi pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, pamene kugwirizira kochepera masekondi 60 kumatsitsa ndi gawo limodzi lokha. Kudziwongola koyenda kunawonjezako pang'ono. Magawo 5 akuoneka ochepa, koma akagwera pa mtsikana wa ntchemberembaye amene amadumpha masentimita 40, ndiye kuti masentimita awiri apita, ndipo pansi pa golo awiriwo ndi amene amasiyanitsa kukhudza mpira ndi kuuphonya.

Tsono titenge timu imene yachoka ku Monkey Bay pa lole kudzasewera pa boma, ulendo wa makilomita oposa 60, mpira uli woyamba 2:30 masana. Osewera atsika atapindika chiuno kwa nthawi yoposa ola, ndipo akumva ngati minofu yafupika. Chimene thupi likupempha apa ndi kusuntha. Mphunzitsi aike miyala kapena mabotolo m'mizere iwiri yotalika mamita 25 kapena 30, osewera ayende awiriawiri. Mphindi zinayi zoyamba ndi kuthamanga kwapang'onopang'ono, chamtsogolo, cham'mbali ndi chammbuyo, mpaka thukuta litayamba kuonekera pamphumi. Mphindi zisanu zotsatira ndizo za kudziwongola koyenda. Wosewera amakweza bondo n'kulizunguza kunja ngati akulumpha chipika, kenako kulizunguza mkati, kuti atsegule mphechepeche. Amaponya mwendo kutsogolo ndi kumbuyo kakhumi atagwira phewa la mnzake, kuyamba motsika n'kumakwera, kenako uku ndi uku. Amayenda ndi mapazi ataliatali, bondo lakumbuyo likutsala pang'ono kukhudza pansi, msana uli chilili, bondo lakutsogolo osagwera mkati. Palibe pamene akuima kuposa sekondi imodzi kapena ziwiri. Mphindi zomaliza ndi za liwiro: kuthamanga mamita 30 katatu kapena kanayi, koyamba mofatsa, komaliza pafupifupi ndi mphamvu zonse, kuphatikiza kuima mwadzidzidzi ndi kukhota, kenako mpira kumapazi. Wosewera amene sanathamange mwamphamvu ngakhale kamodzi asanalowe m'bwalo, liwiro lake loyamba adzalichita akuthamangitsana ndi mdani, ndipo imeneyo si nthawi yoyesera mnofu.

Pali zolakwa ziwiri zimene zimawononga ndondomekoyi ngakhale pamene yatsatidwa. Choyamba ndi kumaliza msanga: timu yatenthetsa thupi 1:45, kenako yakhala pansi pa mtengo kudikira mlendo wolemekezeka, ndipo pofika 2:30 phindu lonse lazirala, chifukwa thupi likakhala phee kwa mphindi 15 kapena 20 limabwerera mwakale. Zikatero, abwereze kuthamanga kwa liwiro kawiri kapena katatu asanalowe. Osewera apabenchi, amene amalowa chigawo chachiwiri atakhala ola lathunthu, ndiwo amaiwalika kwambiri pa nkhani imeneyi. Chachiwiri ndi kusandutsa kudziwongola koyenda kukhala kudzigwedeza mwankhanza, kuponya mwendo mmwamba kwambiri ulendo woyamba. Mwendo uyenera kufika patali chifukwa wazolowera, ndipo wosewera akayamba kupinda msana kapena kunyamuka pa chidendene kuti phazi likwere, wadutsa malire ake.

Wina anena kuti ku Mangochi kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa lokha limatenthetsa thupi. N'zoona kuti kutentha kumasintha zinthu, koma kumasintha kutalika kwa ntchitoyo, osati mtundu wake. Dzuwa silikweza kugunda kwa mtima kufika pa mlingo wa mpira, ndipo silikumbutsa miyendo kuima ndi kukhota. Masiku otentha, kuthamanga koyambirira kufupike, zonse zithe m'mphindi 10 kapena 12, osewera amwe madzi ndipo adikire pamthunzi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba m'mbali mwa nyanja m'mawa, ntchitoyi ikwane mphindi 20. Osewera mpira wa pamchenga, masewera amene anafikitsa timu ya dziko lino ku mpikisano wa Africa ku Vilankulo m'dziko la Mozambique mu 2022, awonjezere nthawi pa akakolo ndi akatumba, poti mchenga umagonja pansi pa phazi ndipo minofu imeneyi imagwira ntchito yochuluka.

Kutsutsa kwanzeru kwambiri kumachokera mu umboni womwewo: ngati masekondi 20 kapena 30 sachotsa mphamvu kwenikweni, bwalo la kaputeni lalakwa chiyani? Mfundoyi ndi yoona, ndipo amene amalankhula ngati kugwirizira ndi poizoni akukokomeza. Goloboyi amene akumva kuti mphechepeche zalimba, kapena wosewera amene mtima sukhala pansi asanakoke ntchafu, agwirizire masekondi 20, bola achite zimenezo pakati, kenako n'kupitiriza kuyenda ndi kuthamanga, chifukwa zimene zimatsatirazo zimafufuta kulefuka kochepako. Vuto la bwalo lija ndi lakuti limadya mphindi zonse zimene timu inali nazo, ndipo limabwera pomaliza, osewera n'kulowa m'bwalo atazizira. Mphindi zomwezo zili ndi ntchito ina imene phindu lake linayezedwa. Ndondomeko ya FIFA 11+, ya mphindi 20, imene imaphatikiza kuthamanga, kudziwongola koyenda, kulimbitsa minofu, kudumpha ndi kuima pa mwendo umodzi, inayesedwa ku Norway pa atsikana pafupifupi 1,900 a zaka 13 mpaka 17, ndipo zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala konse kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Siifuna chipangizo chimene timu ya kumudzi ilibe. Mbali yake yolimbitsa kuseri kwa ntchafu imangofuna anthu awiri: wina agwade, mnzake amugwire akakolo, wogwadayo agwe chamtsogolo pang'onopang'ono thupi lili chiwongokere, n'kudzitchinjiriza ndi manja. Oyamba kumene achite katatu mpaka kasanu, pa tsiku la zokonzekera, osati la mpira.

Kugwirizira kumapeza ntchito yake yeniyeni zokonzekera zikatha, minofu ikadali yofunda. Cholinga chake apa ndi chimodzi, kuti m'kupita kwa masabata mwendo uzifika patali mosavuta. Malangizo a bungwe la American College of Sports Medicine ndi akuti munthu agwirizire masekondi 10 mpaka 30, abwereze mpaka akwanitse pafupifupi masekondi 60 pa mnofu uliwonse, masiku awiri kapena atatu pa sabata. Si aliyense amafunika zofanana: wosewera amene akagona chagada mwendo wowongoka umakanika kukwera bwino ali ndi ntchito pa kuseri kwa ntchafu, pamene mnzake wofewa kale angapindule kwambiri atagwiritsa mphindizo polimbitsa minofu. Mphunzitsi asawalonjeze kuti akatero mawa sadzuka ndi ululu, chifukwa kafukufuku amene Robert Herbert ndi anzake anaunika mu 2011 anaonetsa kuti kudziwongola kumachepetsa ululu wa m'minofu pang'ono kwambiri, moti munthu sangakuzindikire.

Thupi limanena lokha ngati kugwirizirako kukuyenda bwino. Kukoka kumveke pakati pa mnofu, munthu akupuma bwinobwino, ndipo kuzicheperako masekondi akamapita. Ululu wobaya pafupi ndi fupa, m'munsi mwa thako kapena kuseri kwa bondo, kapena dzanzi lotsikira kuphazi, ndi chizindikiro chakuti asiye. Mnofu ukangokokana, monga zimachitikira akatumba kumapeto kwa mpira wa padzuwa, kuwongola bondo n'kukankhira zala za kuphazi chakumutu ndiko kumamasula. Koma wosewera amene waima mwadzidzidzi ali pa liwiro, atagwira kuseri kwa ntchafu, akunena kuti wamva ngati wina wamulasa ndi mwala, ameneyo mnofu wang'ambika, ndipo anzake amene amathamangira kudzamukweza mwendo m'mwamba akukulitsa bala. Atuluke m'bwalo, amangidwe bandeji, apume, ndipo ngati akulephera kuponda kapena malowo atupa n'kuda, akaonedwe ku chipatala.