Mbatata Yatha, Nanga Ndalama Ili Kuti?

Pali mawu amene akundikwiyitsa masiku ano pakati pa achinyamata ogulitsa mbatata ya kachewere ku Tsangano: "Ndalipira Facebook, anthu 3,000 aona katundu wanga." Kuona n'kugula kodi? Ukawafunsa kuti kasitomala mmodzi amupeza pa ndalama zingati, amangoti kukamwa yasa.

Chonsecho masamu ake ndi a pachala. Tiyerekeze kuti thumba ukuligulitsa mametikali 1,500 kwa mayi wokazinga tchipisi mumzinda wa Tete. Kwa mlimi unapereka 950. Thumba lopanda kanthu, kusoketsa ndi anyamata okweza zadya 50. Galimoto yotsika nalo kudzera ku Moatize yatenga 250. Mayi uja walipira pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo pokatapa kwa ejenti akudula, tinene 30. Kameneka ndi kamene ambiri amakaiwala, poti sikatuluka m'thumba la malaya, kamangosowa mufoni. Chatsala ndi 220.

Mametikali 220 amenewo ndiwo malire ako. Kaya ukulipira Facebook, kaya wailesi, kaya mnyamata wokusakira makasitomala pamsika, wogula thumba limodzi asakudyere ndalama yoposa pamenepa. Ngati kutsatsa kwakudyera 1,100, pakufunika ogula asanu kuti ungobweza yako. Akabwera anayi, aliyense wamupeza pa 275, ndiye kuti pa thumba lililonse wataya 55, ngakhale foni ikulira tsiku lonse ndipo matumba akutha.

Komanso mbatata si mwala. Yokololedwa kozizira kumapiri kuno ikafika kotentha m'mbali mwa Zambezi sichedwa kuola. Pa matumba 20 alionse limodzi likakanidwa, malire aja atsika kufika pafupifupi 150. Kumene angakwere ndi pamene mayi uja akuitanitsanso yekha osamutsatsira: akagula katatu, wakusiyira 660. Komatu izi uziwerenge zikachitika, zitalembedwa m'kope, osati pongomva kuti "ndidzakuimbirani". Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo alimi a fodya a ku Macanga sasowa wowamasulira.

Chimene chimandipweteka n'chakuti vutoli ndi lakalekale, mafoni asanabwere. Mwana amamaliza sukulu akudziwa kuchotsera ndi kugawa, koma palibe anamukhazikapo pansi kuti achotsere mtengo wa thiransipoti pa thumba la nyemba. Ndiye wogulitsa nyemba ku Furancungo amangomva kuti mnzake wa ku Tsangano amapereka 200 pa kasitomala, nayenso n'kutengera, osaganiza kuti mtengo wa thumba lake ndi wina, msewu wake ndi wina, ndipo nthawi ya mvula madalaivala amakweza mtengo. Thiransipoti ikangokwera ndi 100, malire atsika ndi 100 yomweyo, ndipo kutsatsa kumene kunali ndi phindu mwezi watha kwayamba kudya mpamba.